Tsamba la bizinesi lilibe pasiwedi yakeyake

"Ndili ndi shopu ya zitenje ndipo antchito anga atatu amandithandiza kuyankha makasitomala pa tsamba lathu la Fesibuku. Onse amalowa ndi pasiwedi yanga. Mmodzi akusiya ntchito kumapeto kwa mwezi uno ndipo mtima wanga suli m'malo. Kodi pali njira yoti aliyense azigwira ntchito pa tsambali osadziwa pasiwedi yanga?"

Mayi, kalata yanu yandikumbutsa chilonda chakale, choncho mundilole ndiyambe ndi zimene zinandichitikira ine, chifukwa yankho lanu lili m'menemo.

Zaka zingapo zapitazo malume anga, amene amagulitsa malata, misomali ndi simenti, anandipempha kuti ndiwatsegulire tsamba poti ndine ndinkaoneka wozitsata m'banja mwathu. Ndinachita chimene pa nthawiyo ndinkachiyesa nzeru: ndinatsegula akaunti yatsopano ngati ya munthu, ndikuipatsa dzina lopeka lofanana ndi la shopu, kenako ndi akauntiyo ndinatsegula tsamba. Nambala ya foni imene tinalembetsa inali ya mnyamata wa pa kauntala, chifukwa ndiye anali ndi foni yabwino tsiku limenelo, ndipo pasiwedi tinailemba pa chikuto cha buku la ngongole kuti aliyense aziiona. Kwa zaka ziwiri zonse zinkayenda. Vuto loyamba linali laling'ono: kasitomala wina anayankhidwa mwachipongwe pa nkhani ya mtengo wa simenti, ndipo malume atafunsa amene analemba mawuwo, anthu anayi tonse tinakana, ndipo panalibe njira yotsutsira aliyense poti tonsefe tinali munthu mmodzi wopekayo.

Kenako mnyamata uja anapita ku Joni. Sanabe kanthu ndipo tinatsanzikana bwinobwino. Koma tsiku lina foni ya pa shopu inawonongeka, ndipo titayesa kulowa ndi foni yatsopano tinauzidwa kuti titsimikizire kuti akauntiyo ndi yathu polemba nambala imene inatumizidwa ku simu yake, imene inali itasiya kale kugwira ntchito. Chitupa chotsimikizira dzina tinalibe, pakuti munthu wa dzinalo sanabadwepo. Tsamba lija lilipo mpaka lero, likuonetsa mitengo yakale, ndipo palibe mmodzi wa ife angalikhudze. Cholakwa chinali changa, ndipo malume sanaiwale.

Chimene ndinamvetsa mochedwa n'chakuti tsamba lilibe pasiwedi yakeyake. Pasiwedi ndi ya munthu, ndipo tsamba limangosunga mndandanda wa anthu ololedwa kuliyendetsa ndi zimene aliyense angachite. Tsono inu, Mayi, chimene munapereka kwa antchito anu si kiyi wa shopu ayi, koma kiyi wa kuchipinda kwanu: atha kuwerenga mauthenga anu ndi achibale, kulemba m'dzina lanu, ngakhale kusintha pasiwediyo n'kukutsekerani kunja. Malamulo a Fesibuku amaletsanso kugawana pasiwedi. Ena amati pakati pa anthu okhulupirirana zimenezi zilibe kanthu, koma ine ndimakana ndithu, chifukwa ife sitinagwe ndi wakuba, tinagwa ndi munthu wabwino amene anangosamuka.

Amene anayamba kale ntchitoyi akukumbukira maudindo a Admin, Editor, Moderator, Advertiser ndi Analyst, ndipo mpaka pano anthu amati "ndiike pa adimini". Masamba atasinthidwa kamangidwe, maudindowo analowedwa m'malo ndi zilolezo za mitundu iwiri. Choyamba ndi Facebook access, chimene chimalola munthu kulowa ndi akaunti yake n'kusintha kuti azigwira ntchito monga tsamba pa Fesibuku pomwepo. Chachiwiri ndi task access, chimene sichimulola kutero. Iye amagwirira ntchito mu Meta Business Suite, pulogalamu yoyendetsera masamba a bizinesi, ndipo inu mumasankha ntchito zake imodziimodzi: Content polemba ndi kuika zithunzi, Messages poyankha mauthenga, Community activity poyang'anira ndemanga, Ads pa zotsatsa zolipira, ndi Insights poona mmene tsamba likuyendera.

Pa Facebook access ndi pamene pali mbuna. Popereka chilolezochi mumafunsidwa ngati munthuyo akhale ndi full control. Mukakana, iye amalemba, amayankha mauthenga ndi ndemanga, amatsatsa, koma sangaonjezere kapena kuchotsa anthu. Mukavomera, mwamusandutsa mwini mnzanu: atha kuchotsa aliyense, inuyo mwini wake kuphatikizapo, ndipo atha kufafaniza tsamba lonse. Wantchito sayenera kupatsidwa mphamvu imeneyi, ngakhale atakhala mphwanu amene mwagwira naye zaka khumi. Komanso musakhale nayo nokha, chifukwa akaunti yanu ikabedwa kapena ikatsekedwa mudzakhala ngati ife a malata. Anthu awiri ndi okwanira: inu ndi mmodzi amene mungamusiyire makiyi ndi buku la ku banki.

Zoti muchite mwezi usanathe

Lowani ndi akaunti yanu, musinthe kuti mukhale monga tsamba, kenako mupite ku Settings, Page setup ndi Page access. Maina a mabataniwa amasinthasintha pang'ono, koma Page access ndiye muziyang'ana. Musanaonjezere aliyense werengani maina amene alipo kale. Anthu atatu akhala ndi pasiwedi yanu, ndipo aliyense wa iwo akanatha kudziika yekha ndi full control inu osadziwa, mwina osati mwachinyengo koma pofuna kuchepetsa ntchito. Dzina limene simunaliike nokha lichotseni pokanikiza timadontho titatu pambali pake n'kusankha Remove access.

Mukatero bwererani ku akaunti yanu, mupite ku Password and security, musinthe pasiwedi yanu, mutsegule Where you're logged in n'kutulutsa mafoni onse amene si anu. Muonenso ngati nambala ndi imelo zolembetsedwa pa akaunti ndi zanu zokha, pakuti amene nambala yake ilipo atha kupempha pasiwedi yatsopano mawa lomwe. Muyatse Two-factor authentication, chitetezo chimene chimafuna nambala yapadera kuonjezera pa pasiwedi polowa ndi foni yachilendo, ndipo muumirize antchito kuti nawonso ayatse, chifukwa akaunti ya wantchito ikabedwa, wakubayo amapeza mphamvu zonse zimene munapatsa wantchitoyo.

Apa ndi pamene mubwerere ku Page access ndi kukanikiza Add New. Tinene kuti mwa awiri otsalawo mmodzi amajambula zitenje zatsopano n'kuziika pa tsamba, wina amangoyankha ofunsa mitengo. Woyambayo mumupatse Facebook access yopanda full control, winayo task access ya Messages ndi Community activity basi. Mudzafunsidwa pasiwedi yanu potsimikiza, ndipo aliyense adzalandira kuitana kumene ayenera kuvomera. Asanavomere sangachite kanthu, ndipo akachedwa pafupifupi mwezi kuitanako kumatha mphamvu. Aliyense agwiritse ntchito akaunti yake yeniyeni, osati yotsegulidwa dzulo ndi dzina la shopu. Makasitomala sadzaona maina awo, adzangoona dzina la tsamba, koma inu mudzaona pansi pa cholembedwa chilichonse mawu akuti Published by ndi dzina la amene anachiika.

Amene akusiya ntchitoyo mumupatse task access ya Messages ngati mukufunabe thandizo lake masabata otsalawa, ndipo tsiku lomaliza muchotse dzina lake pamene mukulandira makiyi a shopu. Nambala za makasitomala zimene anasunga kale m'foni mwake sizingabwezedwe ndi batani lililonse, choncho nkhani imeneyo mukambirane naye pamasom'pamaso asanalandire malipiro ake omaliza.