Mawaya awiri okokana ndi chiyambi cha ampeya

"Akuti mawaya awiri oyandikana amakokana magetsi akamayendamo. Zimatheka bwanji, nanga zikukhudzana bwanji ndi muyeso wa ampeya?"

Achimwene, chinsinsi chake ndi maginito. Karenti ikamayenda mu waya, pamabadwa mphamvu ya maginito yozungulira wayayo, ndipo imachepa mukamatalikira. Waya wachiwiri ali mkati mwa maginito a woyamba, ndiye poti nayenso akuyendetsa karenti, amakankhidwira m'mbali. Woyambayo naye amakankhidwa mofanana ndendende, ngakhale karenti yake itakhala yochepa. Karenti zonse zikalowera kumodzi, mawaya amakokana. Zikasemphana, amakankhana. Anapeza zimenezi ndi André-Marie Ampère wa ku Falansa mu 1820, Hans Christian Ørsted atangoonetsa kumene kuti karenti imatembenuza singano ya kampasi.

Kukula kwa chikokacho pa mita imodzi ya waya ndi uku:

F/L = μ₀I₁I₂ / (2πd)

I₁ ndi I₂ ndi karenti ziwirizo, d ndi mpata wa pakati pa mawaya, ndipo μ₀ ndi nambala yosonyeza mphamvu ya maginito yomwe karenti imabweretsa pamalo opanda mpweya; μ₀/2π ndi 2 × 10⁻⁷. Yankho limatuluka mu manyutoni, muyeso wa mphamvu yokoka kapena yokankha.

Tiyeni tiyese. Waya aliyense anyamule maampeya 10, mpata ukhale sentimita imodzi, yomwe ndi mamita 0.01. Chulukitsani 2 × 10⁻⁷ ndi 10, kenako ndi 10 winayo, mugawe ndi 0.01. Mupeza manyutoni 0.002 pa mita iliyonse, kulemera kwa kanthu ka magalamu 0.2 basi. N'chifukwa chake chingwe cha ketulo simuchiona chikugwedera. Koma poti karenti ziwirizo zimachulukitsana, zinthu zimakula msanga. Pakachitika shoti pamalo ogawira magetsi, maampeya 20,000 n'kudutsa m'zitsulo zotalikirana masentimita 10, chikankhocho chimafika manyutoni 800 pa mita, pafupifupi kulemera kwa makilogalamu 80. Zitsulo zosamangidwa bwino zimapindika.

Tsono nkhani ya ampeya. Onani bwino masamu aja: muli mphamvu, kutalika ndi karenti, palibenso china. Mita inalipo kale, nyutoni nayo imachokera ku kilogalamu, mita ndi sekondi. Choncho ngati mawaya onse anyamula karenti yofanana, mukayeza chikoka ndi mpata ndiye kuti karentiyo mwaidziwa, osafunanso mita ya magetsi. Msonkhano wa mayiko woona za miyeso unavomereza tanthauzo lotere mu 1948: ampeya ndi karenti yosasintha yomwe, ikamayenda m'mawaya awiri owongoka, aatali mopanda malire, opyapyala kwambiri, otalikirana mita imodzi pamalo opanda mpweya, imabweretsa manyutoni 2 × 10⁻⁷ pa mita iliyonse.

Apa ambiri amasokonezeka. Nambala imeneyi sanaipeze poyeza, anachita kuisankha, kuti ampeya watsopano afanane ndi yemwe anthu ankagwiritsa kale ntchito. Kusankha 2 × 10⁻⁷ kunali kulamula kuti μ₀ ikhale 4π × 10⁻⁷ ndendende. Poyamba ankadalira siliva: ampeya inali karenti younjika magalamu 0.001118 a siliva pa sekondi ikamadutsa m'madzi osungunuliramo mankhwala a siliva, njira yomwe inkadalira kwambiri ukhondo wa mankhwala ndi luso la woyeza.

Kunena zoona, palibe anamangapo mawaya a m'tanthauzo lija. Waya wopanda mathero kulibe, ndipo manyutoni 2 × 10⁻⁷ ndi kulemera kwa mamiligalamu 0.02. Akatswiri ankakulunga waya kukhala makoyilo, ina n'kuipachika pa sikelo, ina n'kuikhazika, kenako n'kufananiza chikokacho ndi miyala ya sikelo yodziwika kulemera. Vuto linali kudziwa kukula kwa makoyilowo molondola kwambiri.

Mukafuna kudzionera nokha, lendeweretsani timizere tiwiri ta chitsulo chopyapyala cha aluminiyamu moyandikana, mulumikize ku batire kwa kamphindi chabe, chifukwa timatentha msanga. Koma samalani ndi maginito a dziko lapansi, omwe ndi matesila pafupifupi 5 × 10⁻⁵, tesila kukhala muyeso wa mphamvu ya maginito. Pa waya wa maampeya 10 angathe kukankha ndi manyutoni 0.0005 pa mita, gawo limodzi mwa anayi la chikoka tawerengera chija. Kuti musiyanitse, tembenuzani karenti m'mawaya onse awiri. Kukokana kwa mawaya sikusintha, pamene chikankho cha dziko chimatembenuka.

Ngati mukukonzekera mayeso, dziwaninso kuti kuyambira pa 20 Meyi 2019 tanthauzo linasintha. Tsopano chokhazikika ndi chaji, kapena kuti kuchuluka kwa magetsi, ya elekitironi imodzi, yomwe poyeza m'makulombu ndi 1.602176634 × 10⁻¹⁹, ndipo ampeya ndi kulombu imodzi pa sekondi, kapena kuti maelekitironi pafupifupi 6.24 × 10¹⁸ odutsa pa sekondi iliyonse. Masamu a mawaya aja akadali olondola, kungoti μ₀ tsopano imachita kuyezedwa. Kusiyana kwake ndi 4π × 10⁻⁷ n'kochepa zedi moti powerengera za m'kalasi pitirizani kugwiritsa ntchito 2 × 10⁻⁷.