Chithunzi cha mlamu wanu pa malonda a zitenje

"Ndagwiritsa ntchito chithunzi cha mlamu wanga pa AI kupanga chithunzi chotsatsira zitenje. Nkhope yasinthako pang'ono. Ndimuuzebe?"

Muuzeni, achemwali, musanachitumize kulikonse, ndipo muonetseni chithunzi chomwe chatulukacho. Kukulolani kumujambula pa ukwati sikunali kukulolani kugulitsira malonda nkhope yake. Ine ndinachitapo zomwezi ndi chithunzi cha mnzanga: tsitsi ndi zovala zinasintha, koma mpata wa mano ake unatsala, anthu a kutchalitchi anamuzindikira tsiku lomwelo. Anakhumudwa kwambiri.

Akalola, lembani pachithunzi penipenipo kuti "Chopangidwa ndi AI", chifukwa mawu a m'munsi amatha kutsala anthu akamagawana pa WhatsApp. Ngati ndi malonda aakulu, pitani kwa loya akulembereni mgwirizano.