Ndinanena kuti "muli bwanji", nanga ndinalakwa pati?

"Achemwali, mwezi watha ndinapita koyamba kwa makolo a bwenzi langa ku Ntcheu. Nditangofika ndinagwira aliyense chanza n'kumati 'muli bwanji'. Pobwerera iye anandiuza kuti azakhali ake akuti ndilibe mwambo. Komatu palibe amene ndinamutchula kuti iwe. Ndinalakwa pati?"

Kalata yanuyi ndaiwerenga kawiri, m'bale wanga, ndipo yandibwezera pakhonde la agogo anga ku Dedza ndili ndi zaka 11.

Ine ndinakulira ku Ndirande. Tchuthi china makolo ananditumiza kumudzi, ndipo nditatsika basi ndinayenda mothamanga chifukwa cha chimwemwe. Ndinapeza agogo atakhala pamphasa, miyendo atatambasula, akutongola chimanga m'lichero pamodzi ndi amayi ena awiri. Ndinangofika n'kuima pamaso pawo, chikwama chili kumsana, dzanja nditatambasula. "Agogo, muli bwanji!" Dzanjalo linangokhala m'malere. Agogo sanakwiye, koma sanaligwirenso. Anatembenukira kwa msuweni wanga n'kunena motsitsa kuti, "Tamulandirani katundu mlendoyu, mumuyalire mkeka." Ndinakhala pansi misozi ili m'maso, poganiza kuti sanasangalale n'kubwera kwanga.

Patapita kanthawi anasansa m'manja, n'kusendera pafupi, n'kundigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. "Muli bwanji, mayi? Mwayenda bwanji? Nanga kunyumba mwasiyako bwanji?" Atatha iwo anandilonjera amayi awiri aja, mmodzimmodzi, mafunso ake omwewo. Kenako asuweni anga, aliyense kubwera, kugwada, kugwira chanza, n'kubwerera. Moni yekhayo anatenga nthawi yokwana kuwiritsa madzi a tiyi.

Usiku agogo anandiuza mawu amene sindinawaiwale: mlendo sabwera ndi moni m'manja, amadikira apatsidwe pokhala. Mukafika pakhomo la eni mumati "odi", iwo amati "odini" kapena "fikani", amakulandirani katundu, mumakhala pansi, ndipo moni amayamba ndi eni nyumba. Inu munalumpha zonsezi, monganso ine. Munazungulira anthu okhala pansi muli chiimire, mutu wanu uli pamwamba pa mitu yawo. Azakhali aja sanamve n'komwe mawu anu abwinowo, anaona msinkhu wanu utawaphimba.

M'mawa mwake zinthu zinatembenuka. Ulendo unali utatha, ndinali mwana wa pakhomo. Msuweni wanga anandigwedeza kuti tikadzutse agogo. Tinasukusula kaye, chifukwa wamkulu sumupatsa moni ndi manthongo, kenako tinakagwada chapatali pang'ono ndi pamene anakhala. Iye anawomba m'manja pang'onopang'ono, zikhatho atazipinda kuti zimveke mofatsa, n'kuti, "Adzuka bwanji agogo?" Ndinadabwa. Bwanji akufunsa ngati agogowo palibe? Ndiye ulemu wakuya umenewo. "Wadzuka bwanji" ndi wa mnzako kapena mwana. "Mwadzuka bwanji" ndi wa aliyense amene ukumulemekeza. Koma "adzuka bwanji" amamuika munthuyo patali, ngati kuti sukuyenera kumuloza ndi mawu. Anzathu achiyawo nawonso amati "ali uli" kwa munthu amene ali pamaso pawo pomwepo. Ndipo agogo poyankha anati, "Tadzuka, kaya inu anaPhiri?" Kamwana ka zaka 11 kutchulidwa ndi mfunda! Ulemu unapita uku n'kubwerera uku.

Apa ndiye pamene pamatisokoneza ife okulira m'tauni. Kusukulu anatiuza kuti wamkulu ndi "inu", mnzako ndi "iwe", ndipo tinaganiza kuti nkhani yonse yathera pomwepo. Koma tamverani anyamata pa siteji ya minibasi: "Muli bho amwene?" Ameneyotu ndi "mu" yemweyo, koma akunena akudutsa, dzanja lina lili m'thumba, ndipo sadikira n'komwe yankho. Kwa mnzako zimenezo palibe cholakwika. Ukhoza kumukuwira kuchokera kutsidya kwa msewu kuti "zikuyenda aise?", ukhoza kumumenya paphewa, ukhoza kuyankha "shapu" basi. Popeza "mu" wafalikira chonchi, sangathenso kusenza ulemu yekha. Chimene chimasiyanitsa moni wa agogo ndi wa mnzako tsopano ndi thupi lako ndi nthawi imene wapereka.

Ndipo pano ndilankhule zimene zimandiwawa. Pali anthu amene amati kugwada ndi ukapolo, akazi ophunzira asiye. Ine sindivomereza. Ndimagwira ntchito, ndimadzilipirira lendi, ndipo ndikafika kwa amalume ndimagwada popanda kumva kuti ndachepa. Chimene ndimakana ndi makomo amene amagwaditsa atsikana okha, mnyamata n'kumalowa chipewa chili kumutu, "bho madala", anthu n'kumaseka kuti ndi mwamuna. Ayi. Mwambo umene ine ndinauona ku Dedza sunali wotero. Asuweni anga aamuna ankavula chipewa akadali patali, n'kunjuta pambali, n'kuwomba m'manja kuti "wawa". Mkamwini wa pakhomopo ankanjuta kutali kwenikweni, pafupi ndi nkhokwe, ndipo dzanja la apongozi ake aakazi sindinaone ataligwirapo. Ngati tikufuna mwambo, tiufune wonse. Kuupachika pa ana aakazi okha ndi kukondera, ndipo n'chifukwa chake atsikana ambiri akuuda.

Ndinenenso za azakhali aja. Mwana amene sanauzidwe sanganenedwe wamwano. Akanatha kukukokerani kuseri n'kukunong'onezani, monga anachitira agogo anga. Ndipo bwenzi lanulo, amene amadziwa za kwawo, anali ndi ulendo wonse wa pa basi woti akuuzeni. Mumuuze zimenezo, mwaulemu koma momveka.

Mukadzapitanso

Mangani chitenje musanafike pakhomo, chifukwa kugwada ndi siketi yaifupi kumachititsa manyazi inu ndi amene mukuwalonjera. Nenani "odi", perekani katundu, khalani pamene akulozerani. Akakupatsani mpando pamene amayi a pakhomopo ali pamphasa, ine ndikanathokoza n'kukhala nawo pamphasapo. Dikirani. Akatambasula dzanja, perekani lamanja, lamanzere litagwira mkono wamanjawo chapafupi ndi chigongono, osafinya, osagwedeza. Akapanda kutambasula, makamaka abambo ake a bwenzi lanulo, ingowombani m'manja mofatsa. Maso musawatong'olere pankhope pawo. Poyankha nenani "tili bwino, kaya inu amayi", osasiya "kaya inu" ameneyo, ndipo akayankha tsekani ndi "zikomo". Aliyense adzakufunsani zofanana, muyankheni ngati ndi woyamba kufunsa.

Ngati wamkulu wina wafika inu mutakhala kale, kapena kwacha mutagona komweko, pamenepo woyamba ndinu. Pitani pamene ali, gwadani musanatsegule pakamwa, ndipo mutchuleni monga amamutchulira bwenzi lanulo, azakhali, amalume, agogo, osati dzina lake. Mukakumana naye panjira pamatope, kupinda mawondo pang'ono manja mutawagwirizanitsa kumakwanira.

Alongo ake a msinkhu wanu yambani nawo ndi "muli bwanji" muli chiimire, palibe vuto. "Iwe" muwasiyire iwo ayambe, ndipo mwina adzayamba tsiku lachiwiri, mukutsuka nawo mbale kuseri kwa nyumba.