Anthu akudwala kolera, a zaumoyo akungolemba maina: bwanji sakutseka mjigo?

"Ndine mlembi wa komiti ya mjigo m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi. Anthu ayamba kutsekula m'mimba, awiri awapeza ndi kolera. Onse odwala amamwa pa mjigo wathu, ndiye mudzi wonse ukuti titseke. A zaumoyo abwera kawiri koma akungolemba maina ndi kufunsa mafunso. Kodi kulembalembaku n'kwa chiyani pomwe gwero likuonekeratu?"

Mayi, pepani ndi matendawo, ndipo chonde musamange tcheni pa mjigopo mpaka kalemberayo atalankhula. Mukatseka lero, mawa m'mawa azimayi onse atsikira ku nyanja ndi zidebe, kukatunga pamalo pomwe ena akuchapa, ena akusamba, alovi akutsika m'maboti. Ngati mjigowo ndi wosalakwa, mudzakhala mwachotsa anthu pa madzi abwino n'kuwapereka kwa matenda. Mawu oti odwala onse amamwa pamenepo ndi oona, koma satiuza kanthu, chifukwa amene ali bwinobwino nawonso amamwa pomwepo. Funso la a zaumoyo ndi lakuti: n'chiyani chimene odwala anachita chomwe osadwala sanachite? Kuti afike pa yankho, pali njira imene amatsata, ndipo ndikufotokozerani monga imayendera.

Choyamba amagwirizana kuti wodwala amene akumuwerenga ndi wotani. Kuntchito amati kesi defineshoni. Kolera ikangomveka m'mudzi, aliyense amene m'mimba mwamupota amadziyesa kuti yamugwira, ndipo mwana amene akusanza chifukwa cha malungo amalowa m'gulu lomwelo. Mukawasakaniza onsewa, chiwerengero chimasokonekera ndipo gwero limabisala. Kumalo kumene mliri sunatsimikizidwe, woganiziridwa kolera ndi munthu wa zaka 2 kapena kuposerapo amene wayamba mwadzidzidzi kutsekula zamadzimadzi, katatu kapena kuposa pa maola 24, ndipo watha madzi kwambiri m'thupi kapena wamwalira nako. Ana osakwana zaka 2 amayamba awapatula chifukwa amatsekula kawirikawiri ndi tizilombo tina. Mliri ukatsimikizidwa, monga kwanuko, khomo limakula: aliyense wotsekula zamadzimadzi mwadzidzidzi amawerengedwa. Pamwamba pa zizindikirozo amaikaponso malo ndi nthawi, mwachitsanzo wokhala kapena amene anafika m'mudzi wakutiwakuti kuyambira pa 1 mwezi uno.

Cholakwika chimene ndimadandaula nacho kwambiri n'kulowetsa chinthu chimene mukuchikayikira m'tanthauzolo. Mukanena kuti wodwala ndi wotsekula m'mimba amene anamwa pa mjigo, mwaweruza mlandu musanauzenge, ndipo wodwala wa kutsidya amene sanamwepo, yemwe akanakutsegulani maso, simumulembanso.

Kuyeza chimbudzi kumachitika kwa odwala ochepa oyambirira, makamaka asanamwe mankhwala opha tizilombo. Kachipangizo koyezera msanga kamangochenjeza. Chitsimikizo chenicheni chimachokera ku labotale kumene amameretsa tizilombo ta kolera. Zikatsimikizika kwa angapo, sayezanso aliyense.

Tsopano maina amene mukuwaona akulembedwawo. Pepala limenelo amalitcha layini lisiti, ndipo lamulo lake n'lakuti munthu mmodzi, mzere umodzi. Pa mzerewo pamakhala dzina, zaka, mwamuna kapena mkazi, mudzi ndi mfumu yake, ntchito, tsiku limene matenda anayamba, tsiku lofika kuchipatala, kuchuluka kwa madzi amene watha m'thupi, ngati anayezedwa, kumene amatunga madzi, kumene anapita masiku 5 asanadwale, ndiponso ngati anachira kapena anamwalira.

Mwa zonsezi, danga limene limalakwika kwambiri ndi la tsiku loyamba kudwala. Wolemba akatopa amangokopera tsiku limene munthu anagonekedwa. Koma munthu wa kutali ndi chipatala, monga midzi ina ya kwa Makanjira kapena kwa Nankumba, akhoza kugona masiku awiri kunyumba akumwa mankhwala azitsamba ndi kusakasaka ya kabaza. Mukalemba tsiku lofika, mwasuntha matenda ndi masiku awiri, ndipo mukamabwerera m'mbuyo kukafuna gwero mudzagwera pa tsiku lolakwika. Anthu ambiri sakumbukira deti, choncho wofunsa wodziwa ntchito amati, "Zinayamba Lachisanu la Jumuwa lisanafike kapena litapita? Tsiku la msika munali mutadzuka bwino?"

Kaundula wa kuchipatala yekha sakwanira. Alangizi a zaumoyo amayenera kuyenda khomo ndi khomo, kufunsa kwa mfumu za maliro a masiku apitawa, ndi kukafika ku doko. Kuno kwathu asodzi ndi amene amasowa kwambiri pa pepalali. Mlovi amadwalira pa nyanja, amatsikira doko lina, ndipo akafunsidwa kwawo amatchula mudzi wobadwira pomwe wakhala mwezi wathunthu ku Msaka kapena ku nyanja ya Malombe. N'chifukwa chake funso labwino ndi lakuti, "Munagona kuti masiku 5 apitawa?" Inunso a komiti mungathandize pamenepa kuposa wina aliyense, poti mumadziwa nyumba imene ikubisa wodwala chifukwa cha manyazi.

Pepala likadzaza, amawerenga odwala tsiku ndi tsiku n'kujambula timizati, kamodzi pa tsiku lililonse. Kolera imayamba kuonekera pakati pa maola ochepa ndi masiku 5 munthu atameza tizilombo, kawirikawiri pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Choncho timizati tikakwera msangamsanga n'kutsika sabata isanathe, anthuwo anadya kapena kumwa chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Tikakhala pamwamba osatsika kwa masabata, pali gwero limene anthu akumwabe tsiku lililonse, ndipo apa m'pomwe mjigo kapena chitsime chimakayikiridwa.

Tiyeni tiyerekeze, ndi manambala ongopeka kuti njirayo ioneke. Mudzi uli ndi anthu 600, onse amamwa pa mjigo umodzi. Odwala okwanira tanthauzo lija apezeka 23: Lamulungu 2, Lolemba 9, Lachiwiri 7, Lachitatu 4, Lachinayi 1. Pachimake ndi Lolemba, ndipo mukabwerera masiku awiri mufika Loweruka. Mukayang'ana danga la kumene anapita, onse 23 anali pa sadaka Loweruka lomwelo. Pa sadakapo panali anthu 120. Anthu 480 amene sanapiteko akumwabe pa mjigo womwewo, koma palibe wadwala. Mjigo wapulumuka mlandu pamenepo.

Koma kunena kuti sadaka sikunathebe nkhani, chifukwa panali mpunga, nyama ya mbuzi ndi thobwa. Apa m'pomwe a zaumoyo amadabwitsa anthu pofunsa ngakhale amene sakudwala. Amawafunsa onse 120 mafunso ofanana. Odya mpunga anali 100, ndipo 19 mwa iwo anadwala, kutanthauza 19 pa 100 aliwonse. Osadya mpunga anali 20, anadwala 4, komwe ndi 20 pa 100. Kudya kapena kusadya mpunga sikunasinthe kanthu, ngakhale kuti odwala ambiri anaudya. Taonani, mpungawo uli ngati mjigo wanu. Thobwa anamwa anthu 70, ndipo 21 anadwala, ndiye kuti 30 pa 100. Osamwa anali 50, anadwala 2 okha, 4 pa 100. Mukagawa 30 ndi 4 mupeza 7.5: womwa thobwa anali pa chiopsezo choposa kasanu ndi kawiri poyerekeza ndi wosamwa.

Nambala imaloza chala, koma sifotokoza. Thobwa amaphika, ndipo kutentha kumapha tizilombo ta kolera, ndiye zinalowa bwanji? Apa munthu amasiya pepala n'kukakhala pamphasa ndi amayi amene anaphika, mwaulemu, chifukwa akaona ngati akuimbidwa mlandu sanena. M'chitsanzo chathuchi akhoza kufotokoza kuti thobwa linalimba, alendo anachuluka, pa mjigo panali mzere wautali, ndiye m'mawa wa tsikulo anatuma ana kukatunga ku nyanja n'kusungunulira litazizira kale. Awiri aja amene anadwala osamwa sitiwataya. Mwina anaiwala kuti analawa, mwina anasamba m'manja m'beseni limodzi ndi ena, mwinanso amasamalira wodwala kunyumba.

Anthu osiyana ndi anzawo oterewa ndi amene amaphunzitsa kwambiri. Mu 1854 ku London, dokotala John Snow atakayikira pampu ya madzi ya mu msewu wa Broad, chimene chinalimbitsa mfundo yake ndi ogwira ntchito pa fakitale ya mowa ya pafupi pomwepo, amene sankamwa madzi a pampuyo ndipo kolera inawalambalala, komanso mayi wina wokhala kutali amene ankatumiziridwa madzi a pampu yomweyo n'kumwalira.

Sindikunena kuti mjigo wanu sungakhale wolakwa. Ukakhala wolakwa, pepala lidzaonetsa odwala atsopano tsiku ndi tsiku popanda mwambo umene unawasonkhanitsa, ndipo pa mapu a mudzi nyumba zawo zidzaunjikana mozungulira mjigowo pomwe otunga kwina ali bwino. Akatero amakaona ngati simenti ya pansi yang'ambika, ngati madzi akudikha pamenepo, kapena pali chimbudzi pa mtunda wosakwana mamita 30, chinthu choopsa kwambiri mu mchenga wa kunyanja kumene madzi a pansi ali pafupi. Madzi amayezedwa pawiri, pa mpopi ndi mu ndowa ya m'nyumba, chifukwa kawirikawiri amatuluka abwino n'kukaipira kunyumba ndi kapu yoviika ndi manja. Dziwaninso kuti madzi oyezedwa lero sanena za madzi a sabata yatha, choncho zotsatira za labotale amaziwerenga pamodzi ndi kalembera uja.

Pali mbali imodzi imene ndikugwirizana nanu kotheratu. Ngati a zaumoyowo akungolemba basi, osasiya klorini ndi Thanzi, afunseni mwamphamvu. Kufufuza sikuimitsa kuteteza. Mliri wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri; pomwe chithandizo chafika msanga, omwalira sayenera kufika 1 pa odwala 100. Choncho kuyambira lero pakhale munthu pa mjigo wothira klorini m'chidebe chilichonse molingana ndi muyezo umene mlangizi wa zaumoyo akupatseni, ndipo madziwo adikire mphindi 30 asanamwedwe. Wotsekula aliyense ayambe kumwa Thanzi ali panjira yopita kuchipatala.

Akabweranso, apempheni akuonetseni masiku amene anthu anayamba kudwala, popanda maina. Inu khalani mutalemberatu zonse zimene zinasonkhanitsa anthu m'masiku 5 wodwala woyamba asanagwe: maliro, sadaka, ukwati, tsiku la msika, boti limene linafika ndi alendo, ngakhale tsiku limene mjigo unawonongeka anthu n'kukatunga kwina.