Musagulitse yakaleyo musanatulutse mapasiwedi

"Ndagula laputopu ina, yakale ndikufuna kugulitsa kuno ku Kasungu. Ndimagwiritsa ntchito Chrome, koma pa yatsopanoyi ndikufuna Firefox. Mnzanga akuti ndingokopera foda ya Chrome pa fulashi, zonse zisamuka. Zoona?"

Achimwene, njira ya mnzanuyo ikutayitsani mapasiwedi. Chrome pa Windows imawamanga ndi kiyi ya akaunti ya pa kompyuta yomweyo, ndiye fodayo ikafika kwina, sangatseguke. Muyenera kuwatulutsa yakaleyo ikadali m'manja mwanu.

Yambani ndi mabukumaki, omwe savuta. Mu Chrome dinani Ctrl+Shift+O, kenako timadontho titatu ta kumanja, musankhe Export bookmarks. Ituluka fayilo ya HTML, muiike pa fulashi. Mu Firefox dinaninso Ctrl+Shift+O, mupite pa Import and Backup, kenako Import Bookmarks from HTML.

Pa mapasiwedi ndi pofunika kudekha. Mu Chrome ya pa laputopu yakaleyo, lembani izi pamwamba polemba adilesi:

```
chrome://password-manager/settings
```

Pezani Export passwords. Ikufunsani PIN kapena pasiwedi yolowera pa Windows, kenako ikupatsani fayilo ya CSV. Mu Firefox lembani `about:logins`, dinani timadontho titatu, musankhe Import from a File, muloze fayiloyo.

Chimene ndikufuna mumvetse ndi chakuti fayilo imeneyi ilibe loko. Aliyense woitsegula awerenga dzina la tsamba, dzina lanu lolowera ndi pasiwedi, zonse poyera, ya imelo ndi ya kubanki yomwe. Fulashi imene mumapita nayo kukapulintitsa pa boma isakhale nayo ngakhale tsiku limodzi. Musaitumizenso pa WhatsApp. Komanso musaitsegule mu Excel n'kuisunga, chifukwa pasiwedi ya manambala okhaokha yoyamba ndi ziro, monga 004512, imasanduka 4512, ndiye tsamba lizikukanani inu osadziwa chifukwa.

Mukalowetsa, yerekezani ndi mndandanda wa mu Chrome, ndipo yesani kulowa pa masamba atatu kapena anayi amene mumawadalira kwambiri. Akakufunsani kulowanso musadabwe, sizitanthauza kuti zalephereka. Ena, monga Gmail, angatumize nambala yotsimikizira pa foni, choncho layini imene munalembetsa ikhale pafupi. Zikatheka, fufutani CSV ija pa fulashi ndi pa makompyuta onse awiri ndi Shift+Delete.

Za makonzedwe ndi tizowonjezera ta mu Chrome, musayembekezere zambiri. Tsamba loyambira ndi chinenero mukonzanso pamanja, ndipo tizowonjezera mutitenga mwatsopano ku addons.mozilla.org. Mukanakhalabe pa Chrome, kuyatsa Sync ndi akaunti ya Google pa onse awiri kukanabweretsa zambiri mwa izi, bola bandulo.

Yakaleyo isapite kwa wogula mutangotuluka mu Chrome. Pitani pa Reset this PC, musankhe Remove everything, muyatsenso Clean data, ndipo ikhale pa magetsi mpaka imalize, chifukwa zimatha kutenga maola angapo.