Bulusi ya mabaa 12: makodi ndi atatu okha, nanga bwanji mumasochera?

"Zikomo chifukwa cha zimene mumalemba. Ine ndimaimba gitala, ndipo ndi anzanga awiri, wa bezi ndi wa ng'oma, tikufuna kuphunzira bulusi mu kiyi ya E. Makodi ake, E, A ndi B7, ndimawagwira bwinobwino, koma tikangoyamba sitipita patali: ine ndimapezeka ndili pa A mnzanga akadali pa E. Ndisinthe nthawi yanji, ndipo ndidziwe bwanji kuti tabwerera poyambira?" Wowerenga wa ku Zomba.

Achimwene, zala zanu zilibe mlandu. Chimene chikukupusitsani ndi khutu, lomwe linazolowera kuti kodi siikhalitsa. Nyimbo zambiri za gitala za kuno, monga za kwela, zimayenda pa mkombero waufupi wa mabaa anayi, kodi iliyonse baa imodzi: do, fa, do, so, n'kubwereranso. Bulusi, imene inachokera kwa anthu akuda a kummwera kwa dziko la America, makamaka m'chigwa cha Mississippi, imagwiritsa makodi atatu omwewo a do, fa ndi so, omwe mu kiyi ya E ndi E, A ndi B7, koma imakukhazikani pa kodi yoyamba mabaa anayi athunthu musanasunthe. Dzanja lozolowera kwela likafika pa baa yachiwiri kapena yachitatu limayamba kuyabwa, n'kuthawira ku A nthawi isanakwane.

Baa ndi mabiti anayi, kugunda phazi kanayi. Ndondomeko yonse mu kiyi ya E ndi iyi, ndipo bokosi lililonse ndi baa imodzi:

```
| E7 | E7 | E7 | E7 |
| A7 | A7 | E7 | E7 |
| B7 | A7 | E7 | B7 |
```

Musaiwerenge ngati mabokosi 12. Ioneni ngati mizere itatu ya mabaa anayianayi, ndipo onani kuti mzere uliwonse uli ndi khomo lakelake: woyamba umalowera pa E7, wachiwiri pa A7, wachitatu pa B7. Mukasochera pakati pa nyimbo, musalimbane ndi kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Chepetsani mphamvu ya dzanja, mvetserani bezi, dikirani B7 yotsatiridwa ndi A7. Malo amenewo ndi amodzi okha mu mkombero wonse, baa 9 ndi baa 10, ndiye mukangowamva mwadziwa kuti patsala mabaa awiri kuti muyambirenso.

Chifukwa chake mizere ili itatu chili m'mawu a nyimbo. Woimba bulusi amanena chiganizo chimodzi, amachibwereza, kenako amachiyankha ndi china. Tiyeni tipeke chathu:

Mvula yagwa usiku, denga langa ladontha,
Ndati mvula yagwa usiku, denga langa ladontha,
Ndasuntha mphasa kanayi, tulo tonse tabalalika.

Chiganizo choyamba chimayamba pa baa 1, chimadzaza baa 2, ndipo mawu otsiriza, "ladontha", amagwera pa biti yoyamba ya baa 3. Zikatero woimba amakhala chete. Mabaa 3 ndi 4 ndi a gitala, kuti ayankhe, monga mmene gulu limavomerera wotsogolera nyimbo pa gule. Chiganizo chachiwiri ndi chomwecho, koma tsopano pansi pake pali A7, ndipo mawu omwe aja amamveka olemera, ngati munthu akubwereza dandaulo chifukwa sanamumve. "Ladontha" wachiwiriyu amagwera pa baa 7, pomwe mumabwerera ku E7. Chiganizo chachitatu chimakwera pa B7, chimatsikira pa A7, n'kutera pa E7 pa baa 11.

Apa ndi pamene magulu ambiri amataya baa. Woimba akangotseka pakamwa pa baa 3, wa gitala amaona ngati mzere watha, amaimba baa imodzi yoyankha m'malo mwa ziwiri, n'kulowa pa A7. Mkombero wake umakhala wa mabaa 11 pamene wa bezi uli wa 12. Chizindikiro chake n'chakuti vesi yoyamba mumasiyana ndi baa imodzi, yachiwiri ndi mabaa awiri, ndipo pofika yachitatu aliyense ali pake. Mankhwala ake ndi kuwerenga mokweza, nonse atatu, nambala ya baa ikhale pa biti yoyamba: 1-2-3-4, 2-2-3-4, 3-2-3-4, 4-2-3-4, kenako 5-2-3-4 pamene A7 ikulowa. Wa ng'oma akuthandizeni: aike kakugubuduza kakafupi kumapeto kwa baa 4, baa 8 ndi baa 12, osati pena paliponse. Akamagubuduza paliponse pomwe wakondwa, amafafaniza zikwangwani za pamsewu.

Mudzamva akadaulo akale ngati John Lee Hooker ndi Lightnin' Hopkins akuwonjezera kapena kudula mabaa mmene afunira. N'zokoma kumva, koma musaphunzirire kuwerenga pa iwo. Munthu woimba yekha ndi gitala wake amatsata mpweya wa mawu ake. Inu muli atatu, ndipo chokumangani pamodzi ndi 12 ameneyu.

Vuto lina limabisala pa baa 9 ndi 10. Amene anakulira mu kwaya anazolowera kuti nyimbo imatsekedwa ndi fa, so, do, ndiye dzanja limaika A patsogolo, B7 pambuyo. Bulusi imatembenuza: so, fa, do. Mukasinthanitsa makodi awiriwa, mabaa amakwanabe 12 ndipo mumafika pa E limodzi ndi anzanu, n'chifukwa chake cholakwachi chimachedwa kugwidwa. Mudzachizindikira poti mabaa awiri amenewo gitala ndi bezi zimakhulana, kenako zimagwirizananso. Ena amakhala pa B7 mabaa onse awiri, 9 ndi 10, ndipo imeneyo ndi njira yakale yovomerezeka, bola mugwirizane musanayambe. Chimodzimodzi ndi baa 2: nyimbo zambiri zimadumphira pa A7 baa imodzi yokha n'kubwerera pa E7 mabaa 3 ndi 4. Ine ndingati yambani ndi E7 zinayi zosadukiza, kuti khutu liphunzire kudikira. Kudumpha kuja mudzakuwonjezere pambuyo.

Mwaona kuti ndalemba E7 ndi A7 pamene inu munalemba E ndi A. Mu nyimbo za kwaya, kodi ya 7 kawirikawiri imaikidwa pa so, kuti ikokere nyimbo kubwerera kwawo. Mu bulusi makodi onse atatu amatenga 7, ngakhale ya kwawo yomwe, ndipo kusakhazikika kumeneko ndiye kukoma kwake. Manotsi ake ndi awa: E7 ili ndi E, G#, B, D; A7 ili ndi A, C#, E, G; B7 ili ndi B, D#, F#, A. Pa gitala, kuyambira waya wonenepa kupita ku wowonda, 0 akutanthauza waya wosagwira ndipo x ndi wosakhudza:

```
E7  0 2 0 1 0 0
A7  x 0 2 0 2 0
B7  x 2 1 2 0 2
```

E7 ndi E yanu yomweyo mutachotsa chala pa waya wachinayi, kuwerenga kuyambira ku wowonda. A7 ndi A yanu mutachotsa chala cha pakati, cha pa waya wachitatu. Ntchito yachepa, siinachuluke. Samalani kuti noti yowonjezera pa E7 ndi D, osati D#. Mukaika D# mwapanga Emaj7, yofewa ngati ya nyimbo zachikondi, ndipo bulusi yathawa.

Pali kanthu kena kokongola m'manotsi amenewa, kothandiza kwambiri tsiku limene mudzapeze wa kiyibodi. Pa E7 gwirani manotsi awiri okha, G# ndi D. Tsitsani onse awiri ndi fureti imodzi, mupeza G ndi C#, ndipo imeneyo ndi A7. Akwezeni ndi fureti imodzi kuchokera pomwe munayambira, mupeza A ndi D#, yomwe ndi B7. Pa gitala, G# ali pa fureti 6 ya waya wachinayi ndipo D ali pa fureti 7 ya waya wachitatu. Bezi ikamagunda E, A ndi B pansi, zala ziwiri zoyenda fureti imodzi uku ndi uko zimanyamula nyimbo yonse.

Makodi angakhale olondola koma nyimbo osamveka bulusi ngati kayendedwe kali kowongoka. Biti iliyonse igaweni patatu, muimbe gawo loyamba ndi lachitatu, lapakati mulisiye. Zimamveka "taa-ta, taa-ta", lalitali ndi lalifupi, ngati munthu wotsimphina pang'ono. Oimba amati shafo. Poyeserera, menyani waya wachisanu ndi chimodzi wosagwira pamodzi ndi wachisanu pa fureti 2, kawiri. Kenako wachisanu yemweyo pa fureti 4, kawiri. Bwerezani, baa yakwana. Pa A sunthirani zonsezi waya umodzi pansi. Pa B chala cholozera chikhale pa fureti 2 ya waya wachisanu, waya wachinayi uzisinthana fureti 4 ndi 6. Chala chaching'ono chimavutika kufika, ndiye poyamba ingomenyani B7 yathunthu. Chikhatho cha dzanja lomenyera chigone pang'ono pa mawaya pafupi ndi pomwe amangidwira, kuti mawu akhale afupi.

Mkombero umodzi ndi mabiti 48. Mukaika metironomu ya pa foni pa 96, umatenga masekondi 30 ndendende, choncho nyimbo ya mphindi zitatu ndi mikombero 6. Mukhoza kuiyala motere: mavesi awiri oimba, solo ya gitala mikombero iwiri, vesi yachitatu, ndi kubwereza vesi yoyamba potsekera. Pansi pa zonsezi makodi sasintha, ngakhale pa solo, ndipo bulusi yeniyeni ya mtundu uwu ilibe kolasi ya makodi akeake. Solo imayamba pa baa 1 n'kutha pa baa 12. Amene akufuna kuipitiriza atenge mkombero wina wathunthu, osati theka. Polowa, magulu ambiri amaimba mzere wachitatu wokha, B7, A7, E7, B7, ndipo woimba amalowa pa baa 1.

B7 ya pa baa 12 ndiyo yankho la funso lanu lomaliza. Ntchito yake ndi kutembenuza nyimbo, kuikankhira ku chiyambi. Ambiri amakhalabe pa E7 biti yoyamba ya baa 12, n'kulowa pa B7 pa biti yachiwiri, nthawi zina atadzera pa C7, yomwe ndi B7 yokwezedwa fureti imodzi. Mukamva B7 itabwera pambuyo pa E7 ya baa 11, dziwani kuti biti yoyamba yotsatira ndi baa 1. Pa mkombero wotsiriza wokha musapite ku B7, chifukwa omvera adzadikira vesi ina yomwe kulibe. Woimba akweze dzanja pa baa 9 kuti nonse mudziwe, pa baa 12 mugunde F7 mwachidule, yomwe ndi E7 yokwezedwa fureti imodzi, n'kutsikira pa E7, muisiye ilire mpaka wa ng'oma aitseke.

Ngati E yam'kwerera kapena yam'tsikira woimba wanu, ndondomeko imasamuka yonse osasintha baa ngakhale imodzi. Mu kiyi ya A makodi ndi A7, D7, E7. Mu G ndi G7, C7, D7. Mu C ndi C7, F7, G7. Sabata ino khalani mu E, metironomu pa 80, mikombero itatu motsatizana mukuwerenga mokweza, popanda woimba mawu ndi popanda solo. Mukaikwanitsa katatu osasiyana, lowetsani vesi ya denga ija, ndipo wa gitala awerenge mabaa 3 ndi 4 ndi pakamwa mpaka dzanja litasiya kuthamangira ku A7.