Akuti pa magemu 10 amawina 8, ndilipire miyezi ingati?

"Ndine telala ku Rosettenville. Mnzanga wandilowetsa m'gulu la pa Telegram lopereka magemu obetcha. Akuti pa magemu 10 amawina 8, ndipo matikiti owina amawaonetsa tsiku lililonse. Kulowa VIP ndi R500 pamwezi. Ndalandira kumene R3,000 ya chipereganyu. Ndiyambe ndi mwezi umodzi kapena ndilipiretu itatu poti akuchotsera?"

Achimwene, musatulutse kaye ngakhale randi imodzi. Pitani pasipaza mukagule kope ndi bolopeni, chifukwa cholakwa chanu chachikulu n'chakuti mukukhulupirira buku la munthu amene akukugulitsani katundu. Kodi inu kasitomala akabwera n'kunena kuti nsalu yake ndi mamita anayi, simutulutsa tepi?

Tiyerekeze kuti 8 pa 10 ija ndi yoona. Nambala imeneyo popanda maodzi ilibe ntchito. Magulu oterewa amakonda kusankha timagemu ta maodzi ang'onoang'ono, monga 1.25, chifukwa timawina kawirikawiri. Ikani R100 pa gemu iliyonse, magemu 30, ndiye kuti R3,000 yanu yonse yalowa. Mwawina 24, iliyonse yabweza R125. Werengani: 24 kuchulukitsa ndi 125 ndi R3,000 yomweyo. Mwezi wonse mtima uli m'mwamba, phindu palibe, ndipo R500 ya VIP yapita. Adimini sananame ngakhale pang'ono, koma inu mwaluza. Kuti mudziwe pamene mumayambira kupindula, gawani 100 ndi maodzi. Pa 1.25 muyenera kuwina kupitirira 80 pa 100. Pa 1.90 muyenera kupitirira pafupifupi 53. Amene sakuuzani maodzi akubisa theka la nkhani.

Koma nthawi zambiri 8 pa 10 ija imachita kuphikidwa. Pa Telegram mwini tchanelo amatha kufufuta gemu yomwe yaluza, kapena kusintha zimene analemba mpira utatha. Zithunzi za matikiti n'zosavuta kukonza, ndipo munthu akhoza kubetcha matikiti khumi otsutsana n'kukuonetsani limodzi lomwe ladya. Palinso kachenjerede kakale kamene kamagwira ngakhale anthu ophunzira. Amatumizira anthu 800 uthenga paokhapaokha: theka akuti zigoli zipitirira ziwiri, theka akuti sizipitirira. Anthu 400 aona kuti zatheka. Awagawanso, atsala 200, kenako 100, kenako 50. Anthu 50 amenewo aona maulosi anayi otsatizana akukwaniritsidwa, ndipo angalumbire pamaso pa abusa kuti munthuyu ali ndi wake mkati. Mwina mnzanu uja ndi mmodzi wa iwo, choncho musamuyese wabodza.

Tsopano kope lija. Kwa mwezi wathunthu, gemu iliyonse imene aika m'gulu laulere muilembe mpira usanayambe, osati utatha. Lembani tsiku, nthawi imene uthenga wafika, matimu, chimene akuti chichitika, ndi maodzi amene inuyo mukuwaona pafoni yanu nthawi imeneyo, osati amene adimini walemba. Musabetche. Muzingoyerekeza kuti mwaika R100 pa iliyonse, yofanana nthawi zonse, ngakhale iye atakuuzani kuti lero muike kawiri pofuna kubweza zadzulo. Ndipo musadumphe ngakhale imodzi. Ndimawadziwa anthu anga a kuno ku Joni: tikawina timauza mudzi wonse, tikaluza bolopeni imatha inki. Ndi mmenenso timachitira ndi ngongole za makasitomala, kenako n'kumadabwa kuti ndalama ya lendi yalowera kuti.

Mwezi ukatha yerekezani kope lanu ndi zimene gulu likulengeza. Gemu imene ili m'kope koma m'gulu yasowa, kapena uthenga womwe tsopano uli ndi kalemba kakuti edited, zakuuzani zonse. Ngakhale kope litaonetsa kaphindu, magemu 30 ndi ochepa kwambiri, mwayi wokha ungachite zimenezo. Pamafunika magemu mazanamazana, ndipo muzichotsa R500 mwezi uliwonse musanatchule mawu akuti phindu.

Mufunseninso adimini, pagulu, kuti akupatseni mndandanda wa magemu onse a miyezi itatu yapitayi, oluza omwe, ndi maodzi ake. Kawirikawiri yankho lake limakhala kukutulutsani m'gulu. Onaninso ngati akukukakamizani kutsegula akaunti yobetchera kudzera pa linki kapena kodi yake. Ambiri otere kampani yobetchera imawapatsa gawo la ndalama zimene anthu awo aluza, ndiye ganizani nokha kuti akukupemphererani zotani. Akayamba kukugulitsani pa R1,500 gemu imene akuti inagulidwa kale, dziwani kuti wodziwadi zotere sangauze anthu osawadziwa, poti anthu akathamangira mbali imodzi maodzi amatsika ndipo makampani amayamba kukayikira.

R3,000 ija si yanu yonse, paja mwezi wamawa muyenera kusonkheranso anzanu a chipereganyu. Ikatayika mudzagogoda kwa akatapila, ndipo za amenewo musandiyambitse lero. Gulani nsalu, ulusi ndi mazipi, ndipo zimenezonso muzilembe m'kope lomwelo, kuyambira tsamba lakumapeto.